Tsamba loyamba la mayeso likamalakwitsa ophunzira: mmene mungadziwire vuto ndi kulikonza

Ndinali nditachonga mapepala pafupifupi khumi pamene ndinasiya cholembera chofiira n'kuyamba kungowatembenuza. Wophunzira wina amene ndinkamudziwa kuti phunziroli amalimva bwino anali atayankha mafunso onse anayi a m'gawo lomaliza, pomwe ankayenera kusankha awiri okha, ndipo yankho lililonse linali la theka. Mnzake anali atayankha funso limodzi lokha, lokonzeka bwino ndithu, n'kulekera pomwepo. Wachitatu anafika pa gawolo nthawi itamuthera: zilembo zake zinkanka zikukula ndi kupendekeka, mpaka chiganizo chomaliza chinathera panjira. Nditaunjika mapepala onse 60 m'magulu, 14 anali a oyankha zonse zinayi, 9 anali a oyankha limodzi, ndipo ena oposa 20 sanamalize funso lawo lachiwiri.

Pepalalo ndinakonza ndine. Nditabwerera pa tsamba loyamba, ndinapeza kuti wolakwa sanali ana aja.

Pepalali linali la maola awiri, malikisi 100. Gawo A linali ndi mafunso 20 osankha yankho, lililonse malikisi amodzi. Gawo B linali ndi mafunso asanu a mayankho afupiafupi, lililonse malikisi 8, onse pamodzi 40. Gawo C linali ndi mafunso anayi ofuna kulemba motambasula, wophunzira asankhe awiri, lililonse malikisi 20. Koma pamwamba pa pepala panali mizere itatu yokha: dzina la phunziro, "Nthawi: maola awiri", ndi "Yankhani mafunso onse". Mzere womalizawu unatsalira kuchokera pa pepala la chaka chapitacho, limene linalibe mafunso osankha. Mawu akuti "sankhani awiri" anali pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, m'zilembo zing'onozing'ono, pansi pa mutu wa gawo C.

Kuyambira nthawi imeneyo, ndikaona vuto lofanana pa mapepala ambiri, ndimayamba ndayang'ana tsamba loyamba ndisanadzudzule aliyense.

Yambani ndi mapepala a ophunzira, osati ndi maganizo anu

Mphunzitsi akaona gawo lomaliza lili lopanda kanthu, msanga amati ana sanawerenge. Mwina n'zoona. Koma pali njira yosiyanitsira kusadziwa phunziro ndi kusokonezedwa ndi malangizo, ndipo siitenga nthawi yaitali.

Patulani mapepala a ophunzira asanu kapena asanu ndi mmodzi amene mumawadalira, aja amene ntchito ya m'kalasi amaichita bwino. Ngati iwowa agwera m'mbuna yomweyo imene agweramo anzawo ofooka, vuto lili pa pepala. Kusadziwa phunziro kumaoneka mosiyanasiyana: uyu waphonya apa, uyo waphonya apo. Malangizo olakwika amagwetsa anthu ambiri pamalo amodzimodzi, ndiponso mofanana.

Kenako onani mmene malo opanda yankhowo akuonekera, chifukwa si onse amanena chinthu chimodzi. Ngati wophunzira wayamba funso, zilembo zikuthamanga, wasiya ziganizo n'kuyamba kungondandalika mfundo, ndiye kuti nthawi inamuthera. Bwererani kumayambiriro kwa pepala lake. Mukapeza kuti funso la malikisi awiri walilembera theka la tsamba, dziwani kuti nthawi inalipo koma sanadziwe kuigawa, ndipo mankhwala ake ndi malangizo a nthawi. Mukapeza kuti anayankha mwachidule bwinobwino kuyambira pachiyambi koma sanamalizebe, pepalalo n'lalitali, ndipo palibe malangizo amene angalifupikitse. Pali mtundu wachitatu: funso lomaliza silinakhudzidwe n'komwe, zilembo za pa mayankho ena n'zodekha, ndipo woyang'anira mayeso akukuuzani kuti ana ambiri anamaliza nthawi isanakwane. Amenewa sanalione funsolo. Kawirikawiri limakhala kuseri kwa tsamba lomaliza.

Umboni wina uli kwa woyang'anira mayeso. Mufunseni kuti m'mphindi zisanu zoyambirira ndi manja angati anakwezedwa, ndipo ankafunsa chiyani. Funso lililonse limene wophunzira anafunsa m'chipinda, monga "tiyankhe pati?", "tigwiritse ntchito pensulo?", "awiriwo ndi a gawo liti?", ndi mzere umene ukusowa pa tsamba lanu loyamba. Ndipo kumbukirani kuti pa mwana mmodzi wolimba mtima amene anakweza dzanja, pali ena amene anachita manyazi n'kungoganizira okha.

Akayankha mafunso ochuluka kapena ochepa

Apa m'pamene malikisi amatayika kwambiri, ndiye tikhalepo pang'ono.

Ana 14 aja amene anayankha mafunso onse anayi anamvera mzere wa pamwamba. Sanalakwe kuwerenga, anawerenga zimene ndinalemba. Tiyerekeze kuti anafika pa gawo C atatsala ndi mphindi 40. Mnzawo amene anasankha awiri anali ndi mphindi 20 pa funso lililonse. Iwo anali ndi mphindi 10 zokha, ndipo pa mayankho anayiwo, awiri okha ndi amene akanawerengedwa. Theka la ntchito yawo linapita pachabe, ndipo theka lotsalalo linali losapsa.

Ana 9 amene anayankha funso limodzi anagwa ndi chinthu china. Funso lililonse la m'gawo C linali ndi tizigawo tiwiri, (a) ndi (b). Iwo ataona mawu akuti "sankhani awiri", anayankha (a) ndi (b) za funso limodzi n'kuganiza kuti amaliza. Ngakhale akanakhoza zonse zimene analemba pa pepala lonse, sakanapitirira malikisi 80. Malikisi 20 anawathawa asanalembe chilichonse.

Kukonza kwake kumayamba ndi lamulo limodzi: pepala lisanene zinthu ziwiri zosiyana. Malangizo a gawo lililonse alembedwe pa tsamba loyamba, kenako abwerezedwe pa mutu wa gawolo ndi mawu omwewo, osasintha ngakhale liwu limodzi. Mukalemba "yankhani awiri" kutsogolo, n'kulemba "sankhani ena mwa mafunso awa" mkati, wophunzira amayamba kudzifunsa ngati mwasintha maganizo. Kubwerezaku sikuwononga malo. Pofika pa gawo C, mwana wakhala akulemba kwa ola lathunthu ndipo za pa tsamba loyamba waiwala kale.

Chachiwiri, gawo lililonse likhale ndi chiganizo chakechake. Chiganizo ngati "Yankhani mafunso awiri m'gawo B ndi C" chimamveka pawiri: awiri m'gawo lililonse, kukhala anayi, kapena awiri onse pamodzi, limodzi uku limodzi uko. Inu wokonza pepala simungaone kusokonezaku, chifukwa tanthauzo lili kale m'mutu mwanu. Muchiphwanye chiganizocho: gawo B mzere wake, gawo C mzere wake.

Chachitatu, tchulani manambala a mafunso. Ine ndimapitiriza manambala kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, osayambiranso pa 1 gawo likasintha. Pa pepala langa lija, gawo A likhala mafunso 1 mpaka 20, gawo B 21 mpaka 25, gawo C 26 mpaka 29. Mukatero mutha kulemba mosasokoneza kuti: "Yankhani mafunso AWIRI okha mwa mafunso 26, 27, 28 ndi 29. Pa funso lililonse limene mwasankha, yankhani (a) ndi (b) yomwe." Chiganizo chachiwirichi chikanapulumutsa ana 9 aja. Kupitiriza manambala kumathandizanso pochonga, chifukwa simukumana ndi mayankho awiri onse olembedwa kuti "funso 2" n'kumafufuza kuti lina ndi la gawo liti.

Zilembo zazikulu kapena zakuda kwambiri zisungireni liwu limodzi lofunika, monga ONSE kapena AWIRI. Ndaonapo masamba oyamba olembedwa m'zilembo zazikulu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zonse zikamakuwa, palibe chimene chimamveka.

Palinso chinthu chimene muyenera kugwirizana ndi anzanu ochonga mayeso asanalembedwe: wophunzira akayankha mafunso oposa amene anauzidwa, muchonga ati? Ena amachonga awiri oyamba n'kusiya otsalawo. Ena amachonga onse n'kutenga awiri amene wakhoza kwambiri. Njira yoyamba ndi yofulumira ndipo imaletsa ana kumwaza mayankho dala. Yachiwiri ndi yachifundo koma imachulukitsa ntchito. Iliyonse ingagwire, bola ikhale imodzi kwa onse. Choipa n'chakuti wochonga wina atenge awiri oyamba, mnzake atenge awiri abwino, pa pepala limodzimodzi. Mukasankha kuchonga oyamba okha, nenani pa tsamba loyamba, ndipo muuze wophunzira chochita akasintha maganizo: adule mzere umodzi pa yankho limene sakufuna kuti lichongedwe. Pa ana anga 14 aja ndinatenga awiri abwino, popeza kulakwitsa kunali kwanga. Koma nthawi imene anataya sindikanatha kuwabwezera.

Nthawi ikamawathera pa gawo lomaliza

Kulemba kuti "maola awiri" kumauza wophunzira nthawi yotuluka m'chipinda. Sikumuuza nthawi yochoka pa gawo A. Wophunzira wosazolowera amathera nthawi pa mafunso oyamba chifukwa ndi amene ali pamaso pake, ndipo gawo la malikisi ambiri, limene nthawi zambiri limaikidwa kumapeto, limalandira zotsala.

Kuwerengetsa kwake n'kosavuta. Tengani nthawi yonse m'mphindi. Chotsani mphindi zowerengera pepala ndi kusankha mafunso, chotsaninso zoonanso ntchito kumapeto. Zotsalazo zigaweni ndi malikisi onse. Pa pepala langa, maola awiri ndi mphindi 120. Ndichotsa 10 za poyamba ndi 10 za kumapeto, zitsala 100. Malikisi ndi 100, choncho malikisi amodzi akuyenda ndi mphindi imodzi. Gawo A lipeza mphindi 20, gawo B 40, gawo C 40, kutanthauza mphindi 20 pa funso lililonse lotambasula ndi mphindi 8 pa funso lililonse la m'gawo B.

Sikuti nthawi zonse zimatuluka zosalala chonchi. Pepala la ola limodzi ndi theka la malikisi 60 lili ndi mphindi 90. Mukachotsa 15 zitsala 75, ndipo malikisi amodzi apeza mphindi imodzi ndi kotala. Funso la malikisi 12 ndiye kuti ndi mphindi 15. Musamulembere mwana "mphindi imodzi ndi kotala pa malikisi amodzi", chifukwa palibe amene angawerengetse zimenezo mtima ukugunda. Werengetsani inu, mumupatse nambala yathunthu ya gawo lililonse.

Kugawa molingana ndi malikisi ndi poyambira chabe. Malikisi onse safuna ntchito yofanana. Funso losankha yankho limene likungofuna kukumbukira tanthauzo la liwu limatha m'masekondi ochepa, pomwe lina lofuna kuwerengetsa masamu lingadye mphindi ziwiri. Ngati gawo lili ndi nkhani yaitali yoti awerenge asanayankhe, kapena chithunzi, mapu, kapena tebulo la manambala, nthawi yowerengayo ilibe malikisi koma iyenera kupatsidwa malo. Pa pepala langa ndinaona kuti mafunso a m'gawo A anali ongokumbukira, ndiye ndinawadula kufika pa mphindi 15, n'kupereka zisanuzo ku gawo C kuti akonze mfundo asanayambe kulemba. Zinakhala 10, 15, 40, 45 ndi 10. Phatikizani: 120. Muziphatikiza nthawi zonse. Ndinaonapo pepala limene mphindi za magawo ake zikaphatikizidwa zinkaposa nthawi ya mayeso onse, ndipo mwana womvera malangizo ndi amene anapwetekeka.

Nanga mudziwa bwanji kuti pepalalo likukwana m'maola awiriwo? Lembani nokha. Osangoliyang'ana n'kumayankha mumtima: khalani pansi, wotchi pambali, mulembe ndi dzanja mayankho athunthu ngati amene mukuyembekezera kwa wophunzira wabwino. Aphunzitsi ambiri amatsata muyeso woti wophunzira amafuna nthawi yochuluka katatu, mwinanso kanayi, kuposa imene mphunzitsi watenga. Si lamulo lokhomedwa ndi msomali, koma limachenjeza. Ngati mwamaliza m'mphindi 30, katatu ndi 90, pepalalo likukwana m'mphindi 100 zolembera. Ngati mwatenga mphindi 45, katatu ndi 135, ndiye kuti mwadutsa ngakhale nthawi yonse ya mayeso. Zikatero musayese kukonza ndi malangizo. Chotsani funso, kapena onjezerani nthawi. Lembaninso nthawi imene mwatenga pa gawo lililonse payokha, chifukwa ndi imene ikusonyezeni gawo limene likufuna mphindi zambiri kuposa mmene malikisi ake akunenera.

Mawu a malangizo a nthawi akhale aulangizi. "Mukulangizidwa kutenga mphindi pafupifupi 40 pa gawo ili" ndi bwino kuposa "Gawo ili ndi la mphindi 40". Chiganizo chachiwirichi ana ena amachimva ngati lamulo: amamaliza gawo A msanga n'kukhala chete kudikira kuti wina awauze kuti apitirize, kapena amaopa kubwerera ku gawo limene nthawi yake yadutsa. Ngati magawo anu alidi ndi nthawi yokhwima, moti gawo loyamba limatoleredwa lachiwiri lisanagawidwe, nenani poyera. Ngati ayi, auzeni kuti atha kuyamba ndi gawo lililonse.

Malikisi a funso lililonse alembedwe pambali pake, ndi a kachigawo kalikonse komwe. Amenewa ndi malangizo a nthawi amene amayenda ndi wophunzira pepala lonse. Akaona malikisi 2 amadziwa kuti mfundo ziwiri zakwana. Funso lopanda malikisi pambali limamusiya akulemba mpaka zonse zimene akudziwa zitatha.

Kalembedwe ka nthawi yeniyeniyo

Zing'onozing'ono izi ndi zimene zimayambitsa mikangano pa khomo la chipinda cha mayeso.

Musalembe nthawi ndi kadontho. "Maola 1.30" wina amawerenga kuti ola limodzi ndi mphindi 30, koma mwa masamu 1.30 ya ola ndi ola limodzi ndi mphindi 18. "Maola 1.5" ndi mphindi 90, koma pali amene amaona ola limodzi ndi mphindi 50, ena ola limodzi ndi mphindi zisanu. Lembani m'mawu: "ola limodzi ndi mphindi 30", ndipo ngati mukufuna, onjezerani kuti zonse pamodzi ndi mphindi 90.

Nenani ngati nthawi yowerenga pepala ili mkati mwa nthawi ya mayeso kapena ndi yapadera. Ngati ndi yapadera, nenaninso ngati akuloledwa kulemba kalikonse pa nthawiyo. Mukapanda kunena, woyang'anira wa chipinda china apereka mphindi 10 zaulere, wa chipinda china osapereka, ndipo ana a kalasi imodzi alemba mayeso osiyana utali.

Musasindikize pa pepala ola loyambira ndi lomalizira. Mayeso amachedwa kuyamba pa zifukwa zambiri, ndipo akachedwa ndi mphindi 20, ola lomalizira lolembedwa pa pepala limasanduka bodza limene mwana aliyense ali nalo patsogolo pake. Pa pepala pakhale utali wa nthawi. Ola loyambira ndi lomalizira alembe woyang'anira pa bolodi mayeso akangoyamba. Ine ndimamupemphanso kuti alembe ola limene akulangizidwa kukhala atayamba gawo lililonse. Mayeso anga aja akayamba 8:20, ndiye kuti gawo A liyambe 8:30, gawo B 8:45, gawo C 9:25, kuonanso ntchito 10:10, kutha 10:20. Mwana safunikanso kuphatikiza mphindi m'mutu. Amangoyang'ana wotchi ndi bolodi. Izi zimafuna kuti m'chipinda mukhale wotchi yooneka kwa okhala kumbuyo, apo ayi woyang'anira azilengeza nthawi pa malire a magawowo.

Wophunzira amene wapatsidwa nthawi yowonjezera chifukwa cha ulumali kapena vuto lina asapatsidwe manambala a anzake. Ngati waonjezeredwa kotala la nthawi, mphindi 120 zikhala 150, ndipo gawo la mphindi 40 likhala la 50. Mulembereni zake pa kapepala kapadera, chifukwa akatsata za pa tsamba loyamba athamanga popanda chifukwa.

Pomaliza pa zimenezi, yerekezani nthawi ya pa pepala ndi ya pa ndandanda ya mayeso. Zikasiyana, woyang'anira sadziwa chomvera, ndipo amasankha yekha.

Funso lobisala kuseri

Ili ndi losavuta kukonza. Tsamba loyamba linene kuti pepalali lili ndi masamba angati osindikizidwa ndi mafunso angati, ndipo liuze wophunzira kuti awerenge kuchuluka kwa masambawo asanayambe, akweze dzanja ngati lina likusowa kapena silikuoneka bwino. Pansi pa tsamba lililonse limene lili ndi zina kuseri lembani "Tembenuzani". Pansi pa funso lomaliza lembani "Mafunso athera pano". Tsamba losiyidwa dala lopanda kanthu lilembedwe kuti lasiyidwa dala. Chiwerengero cha masamba muchilembe mutasindikiza kope limodzi n'kuliwerenga ndi dzanja, chifukwa pepala la masamba 7 pa kompyuta yanu litha kutuluka masamba 8 pa makina ena, funso lomaliza litakankhidwira lokha kuseri.

Mmene tsamba loyamba linakhalira nditalikonza

Pansi pa dzina la phunziro, kalasi, tsiku ndi malo olembapo dzina kapena nambala ya wophunzira, ndinalemba motere:

Nthawi: maola awiri, kuphatikizapo mphindi 10 zowerenga pepala. Malikisi onse: 100.

1. Pepalali lili ndi masamba 7 ndi mafunso 29. Werengani kuchuluka kwa masamba musanayambe. Ngati lina likusowa, kwezani dzanja.
2. Gawo A, mafunso 1 mpaka 20, malikisi 20: yankhani ONSE. Zingani chilembo cha yankho lolondola.
3. Gawo B, mafunso 21 mpaka 25, malikisi 40: yankhani ONSE m'mipata imene yaperekedwa.
4. Gawo C, mafunso 26 mpaka 29, malikisi 40: yankhani AWIRI okha pa masamba a mizere amene mwapatsidwa. Pa funso lililonse limene mwasankha, yankhani (a) ndi (b) yomwe. Mukayankha oposa awiri, awiri oyamba okha ndi amene achongedwe.
5. Lembani ndi cholembera chakuda kapena chabuluu. Pensulo ndi yojambulira zithunzi yokha. Kakyuleta siikuloledwa.
6. Mukulangizidwa kugawa nthawi motere: kuwerenga pepala mphindi 10, gawo A mphindi 15, gawo B mphindi 40, gawo C mphindi 45, kuonanso ntchito mphindi 10.

Onani zimene mulibe. Mulibe za kubera mayeso, za mafoni, kapena za kutuluka m'chipinda. Zimenezo ndi malamulo a chipinda, ndipo woyang'anira amazinena pakamwa mayeso asanayambe. Mukazithira pa tsamba loyamba, malangizo amafika khumi ndi asanu, ana amazolowera kuti tsambalo limanena zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndipo amalilumpha pamodzi ndi mzere umodzi umene wasintha. Pa tsambali pakhale zokhazo zimene zikukhudza pepala limeneli. Mawu akenso akhale osavuta kuposa a mafunso, makamaka ngati ana akulemba m'chiyankhulo chimene si cha kwawo. Mafunso ndi amene akuyesa wophunzira, malangizo asamuyesenso.

Tsamba loyamba muzililemba pomaliza, mafunso onse atakhazikika. Vuto langa lija linabwera chifukwa ndinatsegula pepala la chaka chapitacho, n'kusintha mafunso, mutu n'kuusiya. Mukachotsa kapena kuonjezera funso ngakhale limodzi, zinthu zinayi zimasuntha: manambala a mafunso, malikisi a gawo, malikisi onse, ndi mphindi. Phatikizani malikisi kuchokera pa mafunso enieniwo, kachigawo ndi kachigawo, osati kuchokera pa zimene mutu ukunena.

Kenako perekani pepalalo kwa mnzanu amene saphunzitsa phunzirolo. Wa phunziro lomwelo amadziwa kale mmene mapepala otere amakhalira ndipo amadzaza yekha mipata imene mwasiya. Musamufunse kuti "zikumveka?", chifukwa ayankha kuti eya. Mupatseni mphindi ziwiri, mulande pepalalo, mumufunse: uyankha mafunso angati onse pamodzi? Uyankha pati? Ikakwana theka la nthawi uyenera kukhala uli pa gawo liti? Pa pepala langa mayankho ake ndi 27, malo atatu osiyana malinga ndi gawo, ndi gawo B chakumapeto. Akazengereza kapena akaphonya limodzi, mzere umenewo ulembedwenso.

Vuto likaonekera mayeso ali mkati

Ngakhale mutasamala, tsiku lina mwana adzakweza dzanja n'kukusonyezani mizere iwiri yotsutsana. Choyamba, woyang'anira asamuyankhe monong'ona mwana mmodziyo. Yankho limene wamva mmodzi liyenera kumveka kwa onse. Aitanitse wokonza pepala kapena woyang'anira wamkulu, chifukwa woyang'anira akamasulira yekha malangizo atha kuonjezera cholakwika chachiwiri pa choyamba. N'chifukwa chake wokonza pepala ayenera kupezeka pafupi, makamaka m'mphindi 15 zoyambirira.

Kukonzako kulembedwe pa kapepala, mawu amodzimodzi, kuperekedwe ku zipinda zonse nthawi imodzi. M'chipinda chilichonse ana aimitsidwe, mawuwo awerengedwe kawiri, alembedwe pa bolodi ndi kusiyidwa pomwepo mpaka mayeso atatha. Mphindi zimene zatayika polengeza zibwezedwe kumapeto, ndipo ola lomalizira la pa bolodi lisinthidwe onse akuona.

Woyang'anira alembe ola limene chilengezocho chinaperekedwa. Ochonga adzalifuna. Ngati pa mayeso aja amene ayamba 8:20 chilengezo choti "gawo C ndi mafunso awiri okha" chafika 8:35, palibe amene wavulala, chifukwa onse akadali kumayambiriro kwa pepala, kupatula amene anayambira kumapeto. Chikafika 9:50, ambiri ali kale mkati mwa gawo C ndipo ena agawa nthawi yawo panayi. Pamenepo kuchonga awiri oyamba okha sikungakhale chilungamo, ngakhale ndi mmene munagwirizana poyamba. Chongani onse amene wayankha, mutenge awiri abwino, ndipo ochonga onse auzidwe zimenezi polemba asanatsegule pepala loyamba.